Amene Ali Kutali Amve Mawu: Za Kuulutsa Mapemphero pa Foni

Chiyambire chaka cha 2020, pamene mliri wa korona udatseketsa nyumba za mapemphero m'dziko lathu la Mozambiki, mipingo yambiri idaphunzira kuimika foni kutsogolo kwa gome ndi kuulutsa mapemphero kwa amene ali kunyumba. Mliriwo udapita, koma ntchitoyi idatsala, pakuti ana athu ambiri ali ku Tete, ku Moatize, ku Beira ndi ku Joni, ndipo pakati pathu pali odwala ndi okalamba amene miyendo siikuwalolanso kufika kutchalitchi. Ine ndine mmodzi wa amene mpingo wathu kuno ku Angonia udawapatsa udindo umenewu, ndipo ndaugwira zaka zingapo. Chachikulu chimene ndaona n'chakuti munthu wakutali amapirira chithunzi chosaoneka bwino, koma mawu osamveka sawapirira. Nkhope ya Abusa ikachita mbuu iye amakhalabe nafe, koma ulaliki ukamamveka ngati wochokera m'mgolo, sapitirira mphindi ziwiri asanazimitse foni. Choncho posankha malo oulutsira, pogula mamega ndi pogula zipangizo, funso loyamba likhale lakuti: kodi m'bale uja amva?

Malo oulutsira

Malo amene mipingo yathu ingasankhe ndi awiri makamaka, Facebook ndi YouTube, ndipo aliwonse ali ndi malamulo ake amene tiyenera kuwadziwa Sabata lisanafike. Ubwino wa Facebook ndi wakuti akhristu athu ambiri ali kale kumeneko, kotero kuti mpingo ukayamba kuulutsa, uthenga umawapeza popanda kuwaphunzitsa zachilendo. Koma kuyambira chaka cha 2024, Facebook salola munthu kuulutsa ngati akaunti yake siinakwanitse masiku 60, ndipo tsamba la mpingo liyenera kukhala ndi olitsatira osachepera 100. Tsono mpingo umene watsegula tsamba Lachisanu usayembekeze kuti uulutsa Lamulungu. Chinanso, kuyambira mwezi wa Febuluwale 2025, kanema woulutsidwa pompopompo amasungidwa masiku 30 okha, kenaka amafufutidwa. Amene akufuna kusunga mapemphero a ubatizo kapena odzoza mbusa ayenera kutsitsa kanemayo masikuwo asanathe.

YouTube amasiyana ndi mnzakeyo pa kasungidwe, pakuti iye amasunga mapemphero osawaikira malire a masiku 30, ndipo munthu akhoza kupeza ulaliki wa chaka chatha pongolemba dzina la mpingo. Koma kuti muulutse kuchokera pa foni, tchanelo cha mpingo chiyenera kukhala ndi ochilembetsa osachepera 50, chitsimikizidwe ndi nambala ya foni, ndipo ulendo woyamba mungadikire mpaka maola 24 kuti akutsegulireni. WhatsApp, amene tonse timamukonda, sadapangidwire ntchito imeneyi. Kuimbirana kwa pagulu kumalola anthu 32 okha, ndipo wina akaiwala kutseka maikolofoni yake, mpingo wonse umamva tambala wa kwawo pakati pa pemphero.

Ife tidasankha kuulutsa pa Facebook chifukwa ndiko kuli anthu athu, ndipo Lolemba timatsitsa kanemayo, n'kudula gawo la ulaliki, n'kuliika pa YouTube kuti lisungike. Ndikupemphanso kuti tsamba likhale m'dzina la mpingo, ndipo oliyang'anira akhale awiri kapena atatu odziwika kwa akulu a mpingo. Tsamba likakhala m'manja mwa mnyamata mmodzi, tsiku limene iye adzapite kukafuna ntchito kutauni, lidzapita naye pamodzi.

Netiweki ndi mamega

Anthu ambiri amayesa mphamvu ya netiweki poona ngati kanema wa ena akutseguka msanga. Kumeneko ndi kulandira, pamene ife ntchito yathu ndi yotumiza, ndipo njira yotumizira nthawi zambiri imakhala yopapatiza kuposa yolandirira. Tsegulani pulogalamu ya Speedtest mutaima pamalo penipeni pamene foni idzakhale, ndipo muone nambala imene yalembedwa pa Upload. Kanema wooneka bwino ndithu amafuna pafupifupi 2 Mbps, koma njira iyenera kukhala yotakasuka kuwirikiza kawiri, ndiye kuti nambalayo ikhale 4 kapena kuposerapo. Muyese masimu a makampani onse amene amafika kwanuko, kaya Movitel, Vodacom kapena Tmcel, pakuti amene ali wamphamvu pamsika akhoza kukhala wofooka kuseri kwa phiri. Ndipo muyese Lamulungu nthawi ya mapemphero, osati Loweruka madzulo, chifukwa anthu mazana atatu akasonkhana ndi mafoni awo m'matumba, onse amagawana nsanja imodzi ya netiweki.

Kuwerengera mamega sikovuta. Mapemphero athu amatenga maola awiri ndi theka, omwe ndi masekondi 9000. Tikachulukitsa 9000 ndi 2, kenaka n'kugawa ndi 8, timapeza mamega 2250, ndiye kuti magiga awiri ndi kachigawo. N'chifukwa chake timagula magiga atatu Loweruka, kuti asatithere Abusa ali pakati pa ulaliki. Koma taonani chinthu chodabwitsa: pa mamega onsewo, mawu amatenga pafupifupi 144 okha, ena onse amadyedwa ndi chithunzi. Chinthu chimene m'bale wakutali akuchifunitsitsa ndicho chotsika mtengo koposa. Choncho kumene nambala ya Upload siifika ngakhale pa 2, kuli bwino kusakakamiza kuulutsa. Jambulani mawu okha, ndipo ulaliki wa mphindi 40 ukhoza kukwana m'mamega 20, n'kutumizidwa pa WhatsApp masana omwewo. Wodwala amene ali ndi mamega ochepa adzathokoza koposa.

Pali mdani wina wa kuulutsa, ndiye kuimbiridwa foni. Wina akaimba pakati pa mapemphero, chithunzi chimaima kapena mawu amatayika. Njira yotsimikizika ndi kuika simu ya mamega mu foni ina kapena m'karauta kakang'ono, kenaka foni youlutsira n'kuiika pa chizindikiro cha ndege ndi kutsegula Wi-Fi yokha. Karautako mukaike pawindo loyang'ana kumene kuli nsanja, pakuti malata ndi makoma a njerwa amafooketsa netiweki, ndipo nambala yake yachinsinsi isaperekedwe kwa wina aliyense.

Chifukwa chake foni siimva monga timamvera

Tchalitchi chathu ndi chotalika mamita 20, chofoleredwa ndi malata, chopanda siling'i, ndipo pansi pake ndi pa simenti. Munthu akakhala pabenchi la kumbuyo amamva bwinobwino, chifukwa makutu awiri ndi nzeru zimene Mulungu adatipatsa zimasankha mawu a mlaliki ndi kutaya phokoso lina. Maikolofoni ya foni ilibe nzeru zimenezo. Imatola zonse mofanana: mawu ochokera m'masipika, mawu omwewo atagunda khoma n'kubwerera, mwana wolira, benchi lokhuluzidwa. Mawu olunjika amafooka msanga pamene mtunda ukukula, mwakuti mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvu yake imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi, pamene mawu obwerera kuchokera kumakoma amakhala ofanana pena paliponse m'nyumbamo. Ndiye foni imene yaimikidwa kumbuyo kuti ionetse mpingo wonse imatumiza chiphokoso cha nyumba koposa mawu a mlaliki. Mvula ikayamba kugunda malata, za ulaliki iwalani.

Lamulo lake ndi limodzi: maikolofoni ikhale pafupi ndi pakamwa. Kumene kulibe zokuzira mawu, monga m'mipingo yambiri ya kumidzi, imikani foni pamtunda wa mamita awiri kuchokera pagome, cha pambali pang'ono kuti isatchinge anthu, ngakhale kuti chithunzi chidzaonetsa mlaliki yekha. Pakapezeka ndalama pang'ono, gulani kamaikolofoni kopanda nthambo kopanira pakolala ya jekete, kamene kolandirira kake kamalowetsedwa pobowo pa chaja. Tambiri mwa timeneti tili ndi batani lochotsera phokoso. Batanilo ndi labwino pa ulaliki, koma pa nyimbo lizimitsidwe, chifukwa limaona kuimba kwa mpingo ngati phokoso, ndipo nyimbo imatuluka yodukaduka ngati ikuimbidwira pansi pa madzi.

Kutenga mawu pa mikisa

Kumene kuli mikisa, njira yabwino koposa ndi kutenga mawu pamenepo ndi nthambo, pakuti mawu a maikolofoni ya pagome amafika ku foni osadutsa m'mphepo ya m'nyumba. Koma apa ndi pamene ambiri amakhumudwa, ndipo zifukwa zake ndi ziwiri.

Choyamba ndi kamutu ka nthambo. Pobowo pa mahedifoni a foni pamafuna kamutu ka mizere itatu yakuda, kamene kali ndi zigawo zinayi, ndipo chimodzi mwa izo ndicho cha maikolofoni. Mukalowetsa kamutu ka mizere iwiri, kamene kamagulitsidwa pamsika paliponse, foni imayesa kuti mwalowetsa mahedifoni wamba, ndipo imapitiriza kugwiritsa ntchito maikolofoni yakeyake. Nthambo imaoneka kuti yalumikizidwa bwino, koma siikugwira ntchito iliyonse. Kudziwa kwake n'kosavuta. Yambani kujambula, wina agogode pang'ono maikolofoni ya pagome masipika atazimitsidwa, kenaka inu mukande ndi chikhadabo kabowo ka maikolofoni kunsi kwa foni. Pomvetsera, ngati kukandako ndiko kukumveka mwamphamvu, dziwani kuti mawu a mikisa sakulowa.

Chachiwiri ndi mphamvu ya mawuwo. Mikisa imatulutsa magetsi a mawu ofika pafupifupi volti imodzi, pamene pobowo pa maikolofoni ya foni padapangidwira mphamvu yochepa kuwirikiza pafupifupi ka 100. Zili ngati kuthira chidebe cha madzi m'kapu ya tiyi. Zotsatira zake ndi mawu osweka, okhadzula m'makutu, makamaka mlaliki akakweza mawu kapena kwaya ikafika pachimake. Kuchepetsa voliyumu ya foni sikuthandiza, chifukwa voliyumuyo ndi ya zotuluka, osati zolowa. Mankhwala ake ndi nthambo yokhala ndi kochepetsera mphamvu m'kati, kapena kabokosi kamene kamalandira mawu a mikisa ndi kuwapereka ku foni kudzera pobowo pa chaja. Ife tili ndi kotchedwa Behringer UCA202, ndipo timakalumikiza ku foni ndi kanthambo ka OTG. Musanagule kabokosi kalikonse, bwerekani ka anzanu muyesere pa foni yanu ndi pulogalamu imene mudzaulutsire, chifukwa mafoni ena amakalandira pojambula kanema wamba koma n'kukakana pa kuulutsa.

Tsono mawuwo tiwatenge pobowo pati? Ambiri amathamangira pa MAIN OUT, pamene pamatulukira mawu opita ku masipika, koma mawu amenewo adasakanizidwira anthu a m'nyumbamo. M'nyumbamo mpingo ukamaimba, palibe amene amaufunira maikolofoni, ndipo amayi a Chigwirizano akaimirira ndi nyimbo yawo, makoma okha amagwedezeka. Zonsezi sizidutsa m'mikisa. Choncho m'bale wa ku Joni amangomva kiyibodi ndi liwu la wotsogolera nyimbo, ngati kuti m'tchalitchimo muli anthu awiri okha. N'chifukwa chake timagwiritsa ntchito pobowo polembedwa AUX, pamene pamatilola kusakaniza mawu a akutali mosiyana ndi a m'nyumba.

Ndifotokoze m'mene takonzera mikisa yathu ya mizere 8. Mzere woyamba ndi maikolofoni ya pagome, wachiwiri ndi wa wowerenga Mawu ndi zolengeza, wachitatu ndi wachinayi ndi ya kwaya, wachisanu ndi kiyibodi. Pa mzere wachisanu ndi chimodzi tidaikapo maikolofoni imene ntchito yake ndi kumvera mpingo basi. Tidaiimika pamwamba, mamita awiri ndi theka kuchokera pansi, kutsogolo cha pambali, yoloza kwa anthu ndi yofulatira masipika. Chotsetsereka cha mzere umenewu chimakhala pansi nthawi zonse kuti mawu ake asapite ku masipika n'kuyambitsa kulira kwa tswii, koma kachikombole kake ka AUX timakatsegula. Izi zimatheka pokhapokha AUX ili pa PRE, kutanthauza kuti mawu amapatuka asanafike pa chotsetsereka. Ka pagome timakatsegula kufika pakati, ka kiyibodi pang'ono pokha chifukwa kiyibodi imamiza mawu a anthu, ndipo ka mpingo timakakweza pa nyimbo ndi kukatsitsa pa ulaliki, kungosiya pang'ono kuti "Ameni" wa anthu azimveka.

Koma PRE ili ndi msampha wake. Woyendetsa mikisa akatsitsa chotsetsereka cha pagome nthawi ya nyimbo, m'nyumbamo Abusa samveka, koma kwa akutali akumvekabe. Zimene anganong'oneze mkulu wa mpingo, zokhudza maliro amene sanalengezedwe kapena mlandu wa munthu, zikhoza kufika ku Beira mpingo wa m'nyumbamo usanazidziwe. Tsono woyendetsa mikisa akhale ndi chizolowezi chotseka kachikombole ka AUX pamodzi ndi chotsetsereka, ndipo onse oima pagome auzidwe kuti maikolofoni ili ndi makutu.

Pali zinthu zina ziwiri zazing'ono zimene zimasokoneza. Pobowo pa AUX pamatulutsa mawu a njira imodzi, pamene kabokosi kali ndi mabowo awiri, lofiira ndi loyera. Mukadzaza limodzi lokha, wovala mahedifoni amamva khutu limodzi, choncho nthambo ikhale yamphanda, yodyetsa onse awiri. Chinanso ndi kung'ung'udza kosalekeza, kwa huuu, kumene kumayamba mukangolumikiza chaja cha foni ku magetsi a pakhoma. Kumabwera chifukwa foni ndi mikisa zakumana kawiri, kudzera m'nthambo ya mawu ndiponso kudzera m'magetsi, ndipo kunjenjemera kwa magetsi athu, komwe ndi ka 50 pa sekondi, kumalowerera m'mawu. Kuti mutsimikize, zulani chajacho: kung'ung'udza kukatha pomwepo, mwapeza gwero. Ife timapatsa foni moto kuchokera ku pawabanki ya 10 000 mAh, kudzera pa kolumikizira ka mabowo awiri, kena ka kabokosi, kena ka moto. Ubwino wake winanso ndi wakuti magetsi akazima foni siizima, ngakhale kuti pamenepo mikisa imakhala chete, ndipo woulutsa ayenera kuzula nthambo msanga ndi kusendeza foni pafupi ndi gome.

Belu lisanalire

Timafika patatsala theka la ola. Foni timaiika pa miyendo itatu, chogona osati choimirira, pamthunzi, ndipo timaivula chikopa chake chifukwa foni youlutsa imatentha, ndipo ikatentha kwambiri imayamba kudula chithunzi kapena kutseka pulogalamu. Windo lisakhale kumbuyo kwa mlaliki, pakuti nkhope yake idzada bii. Kenaka wina amaima pagome n'kuyankhula mokweza monga alalikira Abusa akatenthedwa mtima, osati monong'ona, ndipo timaonetsetsa kuti kanyali kofiira ka PEAK sikakuyaka. Timajambula mphindi imodzi n'kumvetsera ndi mahedifoni. Mawu akasweka timatsitsa chikombole chachikulu cha AUX, akachepa timakweza pang'onopang'ono. Mawu otsikirako ndi abwino kuposa osweka, chifukwa womvera akhoza kukweza foni yake, koma osweka alibe mankhwala.

Mapemphero akayamba, mmodzi wa ife amatuluka panja ndi foni yachiwiri ndi mahedifoni kukamvetsera zimene akutali akumva. Zoulutsidwa zimachedwa ndi masekondi 10 mpaka 30, choncho asadabwe kumva vesi loyamba pamene m'nyumba ayamba lachiwiri. Asayerekeze kutsegula foniyo mokweza m'kati mwa tchalitchi, chifukwa maikolofoni ya mpingo idzatola mawuwo n'kuwatumizanso, ndipo adzabwerezabwereza osatha. Tipewenso kuika nyimbo zojambulidwa za oimba ena podikira mapemphero, pakuti Facebook ndi YouTube amazizindikira, ndipo akhoza kutseka mawu a gawo limenelo kapena kudula kuulutsa konse.

Pomaliza, si zonse zochitika m'nyumba ya Mulungu zimene ziyenera kupita pamphepo. Bwalo la akulu a mpingo wathu lidagamula kuti foni iziyang'ana kugome ndi kukwaya, isaloze anthu nthawi ya chopereka, isayandikire nkhope za ana, ndipo kuulutsa kuzitha mdalitso ukangoperekedwa, zolengeza za mwambo wa mpingo ndi za chuma zisanayambe. Mpingo udauzidwanso mabenchi amene saoneka pa chithunzi, kuti amene safuna kuonekera akhale momasuka. Nkhani imeneyi ndi ya Abusa ndi akulu a mpingo, siyoti mnyamata wogwira foni aziigamula yekha.

Kwa mipingo imene ikusonkha ndalama za ntchitoyi, uphungu wanga ndi uwu: musayambe ndi kugula foni yamtengo wapatali. Foni imene ilipo kale ikwanira. Ndalama yoyamba ipite ku nthambo yoyenera ndi kabokosi ka mawu, yachiwiri ku maikolofoni ya mpingo, yachitatu ku pawabanki ndi miyendo itatu, ndipo thumba la mamega lilowe m'ndondomeko ya chuma ya mwezi ndi mwezi, lisadalire chifundo cha munthu mmodzi. Kenaka sankhani mkhristu mmodzi wa kutali, makamaka wachikulire amene makutu ayamba kulemera, ndipo Lamulungu lililonse madzulo mumuimbire ndi kumufunsa mutu wa ulaliki ndi nyimbo zimene zinaimbidwa. Akayankha bwino, ntchito yayenda. Akati, "Ndinawaona Abusa, koma sindinamve," bwererani ku mikisa Loweruka likudzalo. Ambuye adalitse manja onse amene akugwira ntchito imeneyi m'mipingo yathu.